“Tumizani pompano, ndipo musauze munthu”

Pa ntchito yanga yothandiza anthu pa nkhani za malamulo kuno ku Joni, pali nkhani imodzi imene ndaimva kambirimbiri. Mayi wina wogwira ntchito yapakhomo ku Randburg analandira foni chakumasana. Woimbayo anati ndi wapolisi, mchimwene wawo wagwidwa alibe mapepala, ndipo galimoto yopita ku Lindela, kumene amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, inyamuka pakatha mphindi 30. Akatumiza R3,000 pa eWallet, njira yotumizira ndalama ku nambala ya foni, amutsitsa. Anawonjeza kuti: “Musadule foni, mayi. Musauzenso munthu, bwana wanga akamva ndiye basi.”

Mayiwo anatumiza. Mchimweneyo anali ku ntchito yake yomanga, foni ili m'chikwama.

Changu chimenechi chili ndi chifukwa chake. Bodza la wakubayo ndi losalimba, limatha ndi foni imodzi yokha: kuimbira mchimweneyo, mkazi wake kapena mnzake wogona naye nyumba imodzi. N'chifukwa chake safuna kuti mudule. Mukakhala pa foni ndi iye simungaimbire wina, ndipo mtima ukamagunda mutu suwerengera bwino. Taonaninso njira imene amasankha. Ndalama ya pa eWallet imatapidwa pa ATM popanda khadi, ndi manambala obwera pa meseji basi. Pamene mukuzindikira n'kuthamangira kubanki, iye watapa kalekale.

Chinsinsicho ndiye chimandipweteka kwambiri, chifukwa chimadyera pa mantha athu enieni. Wakubayo amadziwa kuti munthu amene pasipoti yake inapitirira masiku sangayerekeze kukafunsa kupolisi. Amadziwanso kuti mnzanu amene sanamve mawu oopsezawo alibe mantha, ndipo angofunsa kuti, “Wagwidwira kuti? Ali pa siteshoni iti?” Mafunso awiri amenewa wakubayo sawafuna, ndiye amakupatulani kwa anthu ngati mbuzi imene fisi waichotsa m'khola.

Lamulo lenileni silithamanga chonchi. Malamulo a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, osati mphindi 30, ndipo ali ndi ufulu wolankhula ndi abale ake komanso loya. Belo imalipiridwa ku siteshoni ya polisi kapena kukhoti, ndipo amakupatsani lisiti. Siitumizidwa ku nambala ya foni ya munthu. Ngakhale woimbayo atakhaladi wapolisi, chimene akupemphacho ndi chiphuphu, ndipo mukapereka mwalowa nawo m'mlandu.

Choncho muyeseni. Nenani kuti, “Ndipatseni dzina lanu ndi siteshoni, ndikubwera komweko ndi m'bale wanga.” Wapolisi weniweni akuuzani, chifukwa sataya kanthu. Wakuba amakwiya, kapena amatsitsa mtengo: R3,000 ija yasanduka R1,500, “tumizani imene muli nayo.” Ena amakumvetsani mawu a munthu akulira chapatali. Pemphani kuti wolirayo atchule dzina la mudzi wa agogo ake. Nthawi zambiri foni imadukira pomwepo.