Musandandalike Olemba, Sanjani Mfundo

Pulopozo ya disetesheni ya zamalonda nthawi zambiri imagwera pa chigawo chounika zimene ena analemba kale. Vuto lake limaonekera patali: ndime iliyonse imayamba ndi dzina la wolemba. Uyu anati chakuti, uja anati chakuti, ngati kuitana maina m'kalasi. Supavaiza akawerenga zotere amangolemba m'mbali kuti, "Ndiye?"

Tinene kuti funso lanu ndi lakuti: n'chifukwa chiyani amalonda ang'onoang'ono a mumsika wa Limbe ena amalandira malipiro kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, pomwe ena amakana? Mitu ya chigawochi ichokere m'funso limenelo, osati mu mulu wa mapepala amene mwapeza.

Yambani ndi ganizo lalikulu lofotokoza chimene chimachititsa munthu kulandira luso latsopano. Katswiri wina, Davis, mu 1989, anati pali zinthu ziwiri: kuona kuti chinthucho n'chothandiza, ndi kuona kuti sichivuta kugwiritsa ntchito. Mu 2003 Venkatesh ndi anzake anaphatikizamo zina, monga chikoka cha anthu otizungulira. Awiriwa akhale m'ndime imodzi, muwayerekeze, kenaka inuyo munene pomwe akuperewera: maganizowa anayesedwa makamaka pa anthu ogwiritsa ntchito makompyuta a kuntchito, osati pa mayi wa tomato amene amawerengera ndalama imene adzadulidwe pokatapa kwa ejenti. Chiganizo choterocho ndicho chimabweretsa malikisi, chifukwa ndi chanu.

Mukatero tsikirani ku kafukufuku wa ku Kenya, kumene M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, inayamba mu 2007, kenaka wa kuno kwathu. Mpata umene kafukufuku wa ena anasiya, umene inu mukufuna kutseka, uonekere pamapeto, ndipo muutchule mosapita m'mbali. Kungoti "palibe amene anafufuzapo" n'kudziika pamsampha. Woyesa mayeso akhoza kukhala kuti anafufuzapo yekha. Ndi bwino kunena kuti zimene mwawerenga zikukamba za anthu otumizirana ndalama, pomwe inu mukufunsa za wogulitsa amene akulandira.

Pa katchulidwe ka olemba, funsani kudipatimenti ngati amafuna APA kapena Harvard, ndipo musasakanize. Mu APA 7, olemba akakhala atatu kapena kuposa m'ndime mumalemba woyamba yekha ndi "et al.", chonchi: (Venkatesh et al., 2003). Mukatenga mawu enieni a munthu, muwaike m'mitengero ndipo muonjezere nambala ya tsamba. Ngati ganizo la Davis mwangolipeza m'pepala la wina, musaoneke ngati munamuwerenga. Lembani "as cited in" ndi dzina la amene mwawerengayo, ndipo iyeyo ndiye alowe pa mndandanda wa kumapeto wa zimene mwawerenga.

Mapulogalamu a pa kompyuta otchedwa Zotero ndi Mendeley amasanja mndandandawo, koma amakopera ndi zolakwika zomwe, monga chaka chosowa kapena dzina lotembenuzika. Musanapereke, tsatani dzina lililonse la m'ndime mpaka mulipeze kumapeto, kenaka muchokere kumapeto kubwerera m'ndime.