Kodi pabwalo paja panali anthu angati? Mafunso ndi mayankho pa kawerengedwe ka khamu

Okonza msonkhano akuti kunabwera anthu 100,000, otsutsa akuti 5,000. Alipo amene angadziwe zoona, poti palibe anawerenga mmodzimmodzi?

Nambala yeniyeni palibe angaipeze, koma kuyandikira n'kotheka, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale. Mumayeza kukula kwa malo amene anthu aimapo, m'masikweya mita. Mumaona kuti pa sikweya mita imodzi paima anthu angati. Kenako mumachulukitsa ziwirizo.

Njirayi imatchedwa ndi dzina la Herbert Jacobs, mtolankhani amene ankaphunzitsa utolankhani pa yunivesite ya California ku Berkeley, m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1960, zenera la ofesi yake linkayang'ana pabwalo pamene ophunzira ankachita zionetsero zokana nkhondo ya ku Vietnam. Mwamwayi, pansi pa bwalolo panali mizere yogawa malo m'timabokosi tofanana. Iye ankawerenga anthu m'timabokosi tingapo, n'kuchulukitsa ndi timabokosi tonse timene munali anthu. Lero kuli madironi ndi zithunzi za setilaiti, koma masamu ake akadali omwewo.

Nanga pa sikweya mita imodzi pamaima anthu angati?

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa malo amayezeka ndi tepi koma kuthithikana kumafuna diso, ndipo ndi pomwe ofuna kukometsa manambala amaberapo.

Jacobs anapereka miyeso itatu. Khamu lotayana, limene munthu atha kutambasula mkono osagunda mnzake, limakhala ndi munthu mmodzi pa sikweya mita. Khamu lothithikana, la anthu oima moyandikana koma otha kutembenuka ndi kudutsana, limakhala ndi anthu awiri kapena kuposerapo pang'ono, pafupifupi 2.4. Khamu lopanikizana, phewa ndi phewa, chifuwa pamsana pa mnzako, limafika pa anthu 4 kapena kupitirira pang'ono.

Kuti muone ndi maso, yalani chitenje cha mamita awiri pansi. Chimatenga malo oposa pang'ono masikweya mita awiri. Khamu lotayana ndi anthu awiri pa chitenje chonsecho. Lothithikana ndi anthu asanu. Lopanikizana ndi anthu akuluakulu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, onse mapazi ali pachitenje, ndipo wofuna kutulutsa foni m'thumba ayenera kupempha mnzake kuti asendere. Muyese ndi anzanu, muona kuti anthu salolera kuima choncho kwa maola atatu padzuwa la mu Okutobala. Amapanikizana otero ndi okhawo ali kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi nsanja.

Anthu akakhala pansi, miyeso imatsika. Mayi wokhala pachitenje atawongola miyendo, mwana ali pambali, chikwama chili pomwepo, watenga sikweya mita yathunthu kapena kuposa. Okhala pa mipando m'matenti musawayeze n'komwe. Werengani mipando ya mzere umodzi, chulukitsani ndi mizere, chotsani yopanda anthu.

Malowo ndingawayeze bwanji ndilibe zida?

Ngati muli ndi foni kapena kompyuta, pa Google Earth mutha kujambula mzere kuzungulira malo ndipo imakuuzani masikweya mita ake. Ngati mulibe, yendani ndi mapazi bwalo likadali lopanda anthu. Yambani mwayeza kuti pa mamita 10 mumaponda kangati, chifukwa sitepe ya munthu wamba sifika mita imodzi. Palinso zinthu zodziwika kale kukula kwake. Bwalo la mpira la muyeso wa mayiko onse ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 7,140. Hekitala ndi 10,000, ekala ndi pafupifupi 4,047.

Koma muyeze malo amene anthu aimapo, osati bwalo lonse. Nsanja, magalimoto a akuluakulu, malo ovinirapo magule, mpata umene apolisi amasiya pakati pa nsanja ndi anthu, ngakhale pamene amayi a mandasi ndi anyamata a kabaza aimika katundu wawo, zonsezo zichoke pa chiwerengero.

Taperekani chitsanzo chathunthu, tione mmene zimayendera.

Tiyerekeze msonkhano wa ndale pabwalo la mamita 120 ndi 90, lomwe ndi masikweya mita 10,800. Mwakwera pamalo okwera, kapena wina wajambula ndi dironi panthawi imene mlendo wolemekezeka wayamba kulankhula. Pa chithunzi mukuona kuti anthu sanafalikire mofanana, choncho muwagawa m'zigawo zitatu.

Chigawo cha kutsogolo, pamene achinyamata a chipani ndi amayi oimba apanikizana, n'cha mamita 40 m'mbali ndi 15 kubwerera m'mbuyo. Ndi masikweya mita 600. Mwasankha kachigawo ka mamita 5 ndi 5, komwe ndi masikweya mita 25, ndipo mwawerengamo mitu pafupifupi 100. Ndiye kuti ndi anthu 4 pa sikweya mita, ndipo 600 kuchulukitsa ndi 4 ndi anthu 2,400.

Chigawo cha pakati n'chotambalala, mamita 70 ndi 30, masikweya mita 2,100. M'kachigawo kofanana ndi koyamba kaja mwapezamo anthu 50, kutanthauza awiri pa sikweya mita. Pamenepa pali anthu 4,200.

Kumbuyo kuli aja obwera kudzaonerera chabe, ena atatsamira njinga, ena akucheza m'timagulu, ana akuthamangitsana. Malo ake ndi mamita 90 ndi 30, masikweya mita 2,700, koma m'kachigawo ka masikweya mita 25 muli anthu 12 kapena 13 okha, munthu mmodzi pa masikweya mita awiri alionse. Ndi anthu 1,350. M'matenti mwawerenga mipando 600 yokhala anthu.

Mukaphatikiza 2,400, 4,200, 1,350 ndi 600, mupeza 8,550. Musalembe 8,550 ngati kuti munawawerenga pakhomo. Bwerezani masamuwo kawiri, koyamba mochepetsa, kachiwiri mowolowa manja. Mukaika 3 kutsogolo, 1.5 pakati ndi 0.3 kumbuyo, mupeza 6,360. Mukaika 4.5, 2.5 ndi 1, mupeza 11,250. Choncho chimene munganene mosanama n'chakuti panali anthu pakati pa 6,000 ndi 11,000, mwina cha m'ma 8,500.

Tsopano onani chimene chimachitika munthu akatenga kuthithikana kwa kutsogolo n'kuchulukitsa ndi bwalo lonse: 10,800 kuchulukitsa ndi 4 ndi 43,200, kasanu kuposa anthu enieni. Sananame pa masamu, wanama pa kuika 4 ponseponse. Ndipo 100,000 ija ingafune anthu oposa 9 pa sikweya mita iliyonse ya bwalo lonselo, mpaka pansanja pomwe. Zikanatero, nkhani ya mawa lake sikanakhala ya kuchuluka kwa anthu, ikanakhala ya maliro.

Koma pa chithunzi chija bwalo linkaoneka lodzaza tho. Maso anga akundinamiza?

Inde, ndipo amanamiza aliyense. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pansanja kapena pamwamba pa lole chimayang'ana khamu mopendekera. Mutu wa wakutsogolo umabisa mpata umene uli kumbuyo kwake, ndiye mitu imaoneka yolumikizana mpaka kumapeto, pamene kumbuyoko munthu atha kudutsa ndi njinga. Kamera yokokera pafupi zinthu zakutali imawonjezera bodzali. Wolankhula pansanja akamati "taonani nyanja ya anthu", nthawi zambiri amakhulupiriradi zimene akunena, poti amene ali pafupi naye ndi opanikizana aja.

Bodza la mbali inayo nalonso lilipo. Wofuna kunyoza msonkhano amajambula anthu asanafike, kapena amalunjika kamera kumbuyo kotayana kuja. Mukaona chithunzi, funsani kuti chajambulidwa nthawi yanji, ndipo muyang'ane mithunzi. Chithunzi chothandiza ndi chochokera pamwamba penipeni, chooneka m'mphepete monse mwa khamu.

Nanga anthu akamayenda mumsewu, ngati pa zionetsero kapena pa perete?

Pamenepo njira ya malo imafooka, chifukwa oyenda amafuna mpata woponyera mwendo ndipo mzere wawo umatalika n'kufupika. Ndi bwino kuima pamalo amodzi okwera, kusankha chizindikiro ngati mtengo wa magetsi, n'kuwerenga odutsa pa mphindi imodzi. Bwerezani pakapita mphindi zisanu zilizonse, chifukwa kutsogolo kwa gulu kumakhala kodzaza kuposa kumchira. Ngati pa avereji akudutsa 150 pa mphindi, ndipo gulu latenga mphindi 40 kuti lithe, adutsa anthu 6,000. Amene analowa m'gulu kutsogolo kwa pamene mwaimapo simunawaone, n'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amaika owerenga pamalo awiri kapena atatu.

Ndiye akamati anthu miliyoni imodzi, zimatheka?

Zimatheka, koma malo ake ndi aakulu zedi. Ngakhale onse atapanikizana 4 pa sikweya mita, pafunika mahekitala 25, omwe ndi mabwalo a mpira 35. Bwalo la Bingu ku Lilongwe limalowa anthu pafupifupi 41,000, ndiye miliyoni ndi kulidzaza maulendo 24.

Mkangano wotchuka pa nkhaniyi unachitika ku Washington, likulu la dziko la America, pa 16 Okutobala 1995, pa msonkhano wa Million Man March. Nthambi ya boma yoyang'anira malowo inati kunali anthu 400,000, ndipo okonza anakwiya chifukwa iwo ankati anapitirira miliyoni. Gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Boston, lotsogoleredwa ndi Farouk El-Baz, linaunika zithunzi za m'mwamba n'kupeza 837,000, koma linanenetsa kuti nambalayo itha kukwera kapena kutsika ndi 20 peresenti. Phokoso lake linafika poti aphungu a dzikolo analetsa nthambi ija kuwononga ndalama powerenga makamu a ku Washington. Ngati akatswiri okhala ndi zithunzi za m'mwamba anasiya mpata wa 20 peresenti, inu ndi foni yanu musayerekeze kupereka nambala ngati kuti munawerenga mmodzimmodzi.

Ine ndimakonza nawo misonkhano ya mpingo. Masamuwa angandithandize kupewa ngozi?

Angathandize, bola muwagwiritse ntchito mobwerera. Yezani malo, chotsani nsanja ndi njira zodutsamo, chulukitsani ndi 2, ndipo nambala imeneyo ikhale malire a anthu oima amene muwalole. Anthu akapitirira 5 pa sikweya mita, ngozi yayandikira. Akafika 6 kapena 7, munthu sasunthanso mwa kufuna kwake, khamu limayenda ngati mafunde, ndipo anthu amafa ataimirira chifukwa chifuwa chalephera kufutukuka kuti apume.

Avereji ya bwalo lonse isakupusitseni, chifukwa ngozi imachitikira pamalo opapatiza. Pa 6 Julaye 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa Bwalo la Bingu pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, ndipo kupanikizanako kunali pazipata, anthu akulimbirana kulowa. Ku Seoul, likulu la dziko la South Korea, mu Okutobala 2022 anthu oposa 150 anafera m'kanjira kotsetsereka kosapitirira mamita anayi m'lifupi. Choncho ikani munthu pamalo okwera moyang'ana chipata chilichonse, akhale ndi foni komanso mphamvu zolamula kuti olowa aime kaye kapena kuti chipata china chitsegulidwe. Akaona kuti mapewa a anthu sakuonekanso, ikuoneka ndi mitu yokha ikugwedezeka pamodzi uku ndi uku, asadikire chilolezo cha wapampando.