Thanki ya madzi a mvula sikhala pa njerwa

Ndatopa nalo funso lakuti, "Amisiri, thanki yabwino ndi iti?" Zaka zonse zimene ndakhala ndikumanga za madzi kuno ku Angónia, sindinaitanidwepo pa vuto loti thanki yeniyeniyo ndi yoipa. Chimene chimalakwika ndi pamene aikhazikapo, ndiponso madzi amene ailola kumwa.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Thanki ya pulasitiki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5, kulemera kwa matumba 100 a simenti, ndipo zonsezo zimatsamira pansi pake, pamene m'mimba mwake simufika n'komwe mamita 2. Muli mopanda kanthu anyamata awiri amaigubuduza, n'chifukwa chake anthu amaiderera.

Mayi wina wa kufupi ndi Ulongwe sindimuiwala. Anagulitsa mbatatesi, nagula thanki yotereyi, ndipo "mmisiri" wina wongodziwa kugwira chipande anaikhazika pa mizati inayi ya njerwa zomangira dothi, pamwamba n'kuyala matabwa, ati kuti ndowa izilowa pansi pa mpopi. Paipi yotulutsira madzi thanki ikadzaza sanaike. Denga lawo linali la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndiye kuti masikweyamita 60. Mvula ya mamilimita 30 padenga lotere imapereka malita 1,800, tinene 1,500 mukachotsa otayika. Mvula zinayi zokha, thanki tho! Kuyambira pamenepo madzi ankasefukira pachivundikiro n'kumatsikira pa mizati ija.

Ndinafika mu Januwale. Thanki inali itapendekera kukhoma, mzati umodzi utalowa pansi ngati zala ziwiri, ndipo pansi pa thanki panali patatupa pakati pa thabwa ndi thabwa ngati mimba ya mbuzi yokhuta. Pafupi ndi mpopi pulasitiki inali itayamba kuyera, chizindikiro chakuti ikukokeka. Ndinati, "Mayi, madziwa atuluke lero, timange pansipa." Iwo anati, "Bambo, nditaye madzi onsewa? Tidikire mvula ithe." Sinadikire. Inang'ambikira pampopi pomwepo usiku wina mu Febuluwale, madzi n'kukokolola khoma la khitchini. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti sindinaumirire, chifukwa mvula inali idakalipo yambiri yoti n'kudzazanso.

Chimene pankafunika si chodula. Mumachotsa dothi lapamwamba mpaka mupeze lolimba, kutali ndi chulu, dzenje lakale la zinyalala kapena chimbudzi. Mumatsira miyala n'kusinja, kenako konkire yochindikala masentimita 12, ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, ndi waya wa konkire mkati. Pa thanki iyi, mamita 2.2 mbali zonse akukwana, ndipo simenti yake ndi matumba anayi kapena asanu. Pamwamba pakhale posalala ndi pa levulo, chifukwa kamwala kamodzi kotsalira kamaboola. Muzithirira madzi masiku 7 musanaikepo thanki. Mukafuna kuti ndowa izilowa, kumbani kadzenje kutsogolo kwa mpopi, kapena mangani chiunda chonse chodzaza mkati. Mizati ayi. Paipi yosefukira ikhale yaikulu ngati yolowetsa madzi, ndipo ikatayire kutali.

Za ngalande za padenga, zimene m'masitolo amati kaleira, sinditayapo nthawi. Zitsetsereke sentimita imodzi pa mamita 2 alionse, zogwirira zisatalikirane kupitirira mita. Mukaona madzi ataima m'ngalande mvula itakata, yapindika.

Koma madzi oyamba kutsika padenga. Kuchokera mu Meyi mpaka Okutobala malata amasonkhanitsa fumbi, phulusa la lupsa, zitosi za nkhunda ndi abuluzi. A ku Moatize onjezanipo fumbi la malasha. Zonsezi zisalowe m'thanki. Chopatutsira madzi oyamba ndi chosungira chimene chimayamba kudzaza, mkati muli kampira koyandama kamene kamatseka pakamwa chikadzaza, ndiye madzi oyera amapitirira kuthanki. Vuto ndi kukula kwake. Ine ndimawerengera lita imodzi pa sikweyamita, ndiye denga lija likufuna malita 60. Paipi ya mamilimita 110 imasunga malita osakwana 9 pa mita. Munthu akakuikirani kapaipi ka mita imodzi n'kukuuzani kuti zatheka, wakuberani. Lumikizani mgolo wa malita 60 m'malo mwake.

Ndipo mgolowo uzikhuthulidwa mvula ikangotha. Ukatsala wodzaza, mvula yotsatira imadutsa ndi litsiro lake lonse ngati palibe chilichonse. Kabowo kodonthetsera pansi kamathandiza, koma kamatsekeka ndi matope, choncho muzikatokosa ndi kawaya. Mvula yoyamba ya chaka yokha musaiyese ndi mgolo: chotsani paipi yonse, denga lisambe. Ngakhale mutatero, madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira kolorini, chifukwa mgolo umachepetsa litsiro, supha tizilombo.