Kuyeza kuchepa kwa minofu mwa okalamba: tepi pa katumba, mphamvu m'dzanja

Sikelo imanamiza. Agogo akhoza kulemera chimodzimodzi zaka zambiri pomwe minofu ikutha, mafuta n'kumalowa m'malo mwake. Kutha kwa minofu ndi mphamvu kumeneku madokotala amati sakopeniya, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa okalamba kugwa kawirikawiri kapena kulephera kudzuka pampando.

Katumba wa mwendo mungamuyeze pakhomo ndi tepi ya telala yomwe ija, bola ikhale yosatamuka. Agogo akhale pampando, phazi litaponda pansi bwinobwino, bondo litapindika ngati ngodya ya tebulo. Pindani buluku kapena chitenje, tepi ikhudze khungu. Iyendetseni mokweza ndi motsitsa mpaka mupeze ponenepa kwambiri, muwerenge pamenepo osafinya mnofu. Akatswiri a ku Ulaya amati kuchepera masentimita 31 ndi chenjezo. A ku Asia mu 2019 anaika 34 kwa abambo ndi 33 kwa amayi. Malire amenewa anachokera kwa anthu a kumeneko, choncho ndi ongotichenjeza, sagamula kuti munthu akudwala.

Mphamvu ya dzanja imayezedwa ndi kachipangizo kofinya kotchedwa dayinamomita, komwe kuno ku Joni kamapezeka kawirikawiri kwa madokotala a mafizo. Munthu amakhala pansi, chigongono chitapindika n'kugunda nthiti, n'kufinya ndi mphamvu zonse katatu dzanja lililonse. Amatenga nambala yaikulu. Malire a ku Ulaya ndi makilogalamu 27 kwa abambo, 16 kwa amayi. Kachipangizoka kamayeza mphamvu, osati kuchuluka kwa minofu, n'chifukwa chake miyeso iwiriyi imayendera limodzi.

Tiyerekeze mayi a zaka 72 omwe anabwera kudzalera zidzukulu ku Rosettenville. Mwana wawo wawayeza madzulo, wapeza 33, mtima wakhala pansi. Koma akadina chala pamsongolo, chikusiya dzenje lomwe likuchedwa kubwerera. Amenewo ndi madzi. Kuwayezanso m'mawa atangodzuka, tepi ikuonetsa 30, ndipo kuchipatala dzanja lafinya makilogalamu 14 okha. Miyeso yonse iwiri ili pansi, ndipo kutupako kukufunikanso kukufufuza pakokha, chifukwa kungachokere ku mtima kapena impso. Kunenepa nako kumabisa vutoli momwemo. Pamene nyamakazi ya m'zala, kapena dzanja lomwe linagwidwa ndi sitiroko, zimatsitsa nambala ya mphamvu ya dzanja ngakhale thupi lonse lili bwino.

Ngati zala zili zopweteka, yesani mpando: agogo apinde manja pachifuwa, adzuke ndi kukhala kasanu. Kupitirira masekondi 15 ndiye kuti miyendo yafooka. Muime pafupi, angagwe.

Lembani manambalawo, tsiku ndi mwendo womwe mwayeza, mupite nawo ku kiliniki. Kumeneko akaonanso za shuga, TB, HIV ndi kadyedwe, asanakupatseni ndondomeko ya mafizo ndi zakudya monga mazira, nyemba, usipa ndi mkaka.