Kanema wakale amakulitsika, koma yang'anirani nkhope

Mayi wina wa ku Kapata anandibweretsera chimbale cha VCD. Munali malemu bambo awo akuvina ingoma pa Nc'wala ku Mtenguleni. "Achimwene, pa wailesi yakanema yaikulu nkhope yawo ikungooneka mbuu. Mungaikonze?"

Ndinawauza kuti ndiyesa, koma ayambe amva kaye zimene makina amachita.

Chithunzi cha kanema ndi timadontho. Pa VCD timakhala 352 m'lifupi ndi 288 chotsika, tonse pamodzi kungopitirira pang'ono 100,000. Kuti chidzaze msinkhu wa sikirini ya masiku ano popanda kunenepetsa anthu, chimafika pa 1440 ndi 1080, kuchulukitsa pafupifupi ka 15. Timadontho towonjezerato kamera sinatijambule ayi. Pulogalamu ya pa kompyuta yokulitsira kanema imangolota potengera zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirapo. Pa chikopa cha nyama kapena udzu imalota bwino ndithu. Koma pa nkhope ya munthu amene waima patali, imaika maso ndi mano amene si ake. Nditayesa koyamba mwamphamvu, mayiwo anayang'anitsitsa nati, "Awa si atate." Ndinachepetsa mphamvuyo, ndinakulitsa kawiri kokha. Chithunzi chinatsala chofewa, koma anali iwo.

Kusalaza mayendedwe ndi ntchito ina. Kanema wa kuno amaonetsa zithunzi 25 pa sekondi. Kuti zifike 50, pulogalamu imayerekeza zithunzi ziwiri zotsatizana n'kupanga chapakati, ndiye kuti theka la zimene mukuona n'zopeka. Munthu akamayenda pang'onopang'ono palibe vuto. Ingoma ndiye imaisokoneza: chibonga chikuzungulira, fumbi lili koboo, wina wadutsa kutsogolo kwa mnzake. Mukaimitsa kanemayo n'kumapita chithunzi chimodzichimodzi, mudzaona chibonga chapindika ngati nzimbe yofota, miyendo itatu, kapena mphepete mwa chishango mukuchita mafunde. Ine malo otero ndimawasiya pa 25.

Kenako ndinawafunsa ngati tepi imene anakoperako chimbalecho ikadalipo. Funso limeneli ndimafunsa aliyense. Tepi ya VHS imasunga timagawo 50 pa sekondi, kalikonse theka la mizere ya chithunzi, ndipo kalikonse kanajambulidwa pa nthawi yakeyake. Tikaikopera mu kompyuta pa 720 ndi 576 n'kulekanitsa timagawoto, timapeza mayendedwe 50 enieni, osapeka. VCD inataya kale theka la timagawo timeneti.

Kulekanitsako kuyambe, kuchotsa timadontho tonga mchenga todetsa chithunzi kutsatire, kukulitsa kubwere pambuyo. Mukayamba n'kukulitsa, mizere yonga mano a chipeso imene imaoneka pa dzanja loyenda timagawo tija tisanalekanitsidwe imakula nayonso, ndipo sichokanso.

Tepi inapezeka m'sutikesi kumudzi, ili ndi nkhungu yoyera m'mbali. Ndinawapempha kuti asaiyese m'makina alionse kufikira itatsukidwa, chifukwa nkhungu imamata mitu yowerengera tepi m'makinamo ndipo tepi yomatana imatha kuduka.