Mkangano wa "iye" m'Chifalansa

Mu Okutobala 2014, m'nyumba ya malamulo ya ku France, phungu wina dzina lake Julien Aubert anadulidwa ndalama chifukwa cha kaliwu kamodzi. Amene ankatsogolera zokambirana tsiku limenelo anali mayi, Sandrine Mazetier. Aubert anawatchula kuti "Madame le président", dzina la udindo lachimuna, mayiwo n'kumukonza kuti anene lachikazi, "Madame la présidente". Iye anaumirira zake. Chilango chinali kumulanda gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake a mwezi umenewo, mayuro 1,378.

Kwa ife olankhula Chichewa, nkhani yotere imamveka ngati nthabwala. Tili ndi "iye" mmodzi yekha. Mphunzitsi ndi mphunzitsi, dokotala ndi dokotala, ndipo ukafuna kuti adziwe ngati ndi bambo kapena mayi umachita kuwonjezera wekha. Koma tisafulumire kuseka, pakuti chomwe chimawavuta Afalansa ife timachidziwa bwino, kungoti kwathu chili pena. Tikanena kuti "mwana wanga wamkulu wabwera", dzina lija lakoka mawu onse otsatira. Tikasintha n'kunena "chitseko changa chachikulu chatseguka", onse atembenuka. Chifalansa nachonso chimatero, koma magulu ake a mayina ndi awiri okha: lachimuna ndi lachikazi. Tebulo ndi lachikazi, buku ndi lachimuna, ndipo palibe amene zimenezo zimamukhudza. Vuto limabwera pa anthu, chifukwa pamenepo gulu la dzina limatsatira ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mwamuna wosangalala amati "je suis content", mkazi amati "je suis contente", ndipo kusiyanako kumamveka m'khutu. Munthu sangatsegule pakamwa kunena za iye mwini kwa nthawi yaitali osadziulula. Gulu lachitatu lothawirako palibe.

Nanga amuna ndi akazi akakhala pamodzi? Mwana aliyense wa sukulu ku France amaloweza lamulo loti chachimuna chimapambana chachikazi. Akazi 99 ndi mwamuna mmodzi amatchulidwa ndi mawu achimuna.

Ambiri amaganiza kuti lamuloli linabadwa ndi chinenerocho, koma lili ndi zaka zake komanso anthu amene analilimbitsa. Kale olemba ankathanso kugwirizanitsa mawu ndi dzina lomwe lili pafupi, kaya ndi lachimuna kapena lachikazi, ndipo ngakhale Jean Racine anachita zimenezi m'sewero lake la mu 1691. Koma mu 1647 katswiri wa galamala, Claude Favre de Vaugelas, anali atalemba kale kuti chachimuna ndicho cholemekezeka ndiye chiyenera kulamulira. Mu 1767 katswiri wina wa galamala, Nicolas Beauzée, sanabise chifukwa chake: anati n'cholemekezeka chifukwa mwamuna amaposa mkazi. M'nyengo yomweyo mayina ena a ntchito a akazi anayamba kuzilala. Liwu loti "autrice", mlembi wamkazi, linkagwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, kenako linasowa kwa nthawi yaitali moti litabwerera anthu ankaliyesa lopeka. Akatswiri a zinenero ena amatsutsa kuti olemba galamalawa anangolemba chizolowezi chomwe chinalipo kale kuchokera ku Chilatini, osati kuchiyambitsa. Pali choona pamenepo. Komabe chifukwa chomwe Beauzée anapereka chinalembedwa, ndipo chimenecho sichifufutika.

Woyang'anira chinenero ku France ndi Académie française, bungwe la mipando 40 lomwe Kadinala Richelieu anakhazikitsa mu 1635. Mkazi woyamba, Marguerite Yourcenar, analowamo atasankhidwa mu 1980, patadutsa zaka 345.

Anthu akamanena zopempha mawu osakondera, amaphatikiza zopempha zitatu zosiyana m'dengu limodzi, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sumveka mutu wake. Choyamba chinali chosavuta: mkazi wa udindo atchulidwe ndi dzina lachikazi. Pa ichi panali mfundo yowawa. Kwa zaka zambiri "l'ambassadrice" sanali kazembe wamkazi, anali mkazi wa kazembe, monga mmene kwathu kuno "amayi busa" nthawi zambiri amakhalira akazi a abusa. Choncho akazi ena ofika pamwamba ankakana okha dzina lachikazi poopa kuti liwachepetsa. Hélène Carrère d'Encausse, yemwe anatsogolera Académie kuyambira 1999 mpaka imfa yake mu 2023, ankafuna kutchulidwa ndi dzina la udindo lachimuna.

Oyamba kusintha sanali a ku Paris. Ofesi ya chinenero ya ku Québec, ku Canada, inalimbikitsa mayina achikazi a maudindo mu 1979. Ku France nduna Yvette Roudy inakhazikitsa komiti mu 1984 motsogozedwa ndi mlembi Benoîte Groult. Académie inayankha chaka chomwecho ndi mfundo yomwe ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero: chomwe chimatchedwa chachimuna si cha amuna kwenikweni, ndi gulu lopanda chizindikiro lomwe limakwanira aliyense. Boma linatulutsa kalata yolangiza maofesi mu 1986, koma inangogona m'makabati. Zinthu zinasuntha mu 1997 pomwe nduna zachikazi za boma la Lionel Jospin zinaumirira kutchulidwa "Madame la ministre", ndipo kalata ina inatsatira mu 1998. Académie inadzavomereza pa 28 Febuluwale 2019, nthawi yomwe manyuzipepala ndi anthu wamba anali atazolowera kalekale. Aubert uja analipira ndalama zake poteteza mfundo yomwe eni ake anadzaisiya pasanathe zaka zisanu.

Chopempha chachiwiri ndiye chinayatsa moto: polemba za gulu, akazi aziwonekamo. Tiyeni titenge chiganizo chimodzi, choti "ophunzira asangalala", tiwone mmene mlembi wa pa yunivesite angachilembere pa chidziwitso.

Mwachizolowezi alemba "les étudiants sont contents", zonse zachimuna. Akafuna kutchula onse, alemba "les étudiantes et les étudiants sont contents". Izi zimawerengeka pakamwa, koma chiganizo chatalika, ndipo liwu lomaliza lija latsalabe lachimuna. Njira yachidule ndiyo ya kadontho kapakati: "les étudiant·es sont content·es". Pa pepala onse akwana. Koma tawerengani mokweza: lilime limaima pa kadonthoko osadziwa kolowera, ndipo wowerenga ayenera kumasula yekha. Mawu ena sadulika bwino n'komwe. Mlimi wamwamuna ndi "agriculteur", wamkazi ndi "agricultrice", ndiye akaphatikizidwa pamatuluka chinthu chomwe palibe amene anachimvapo chikutchulidwa. Njira yachinayi ndi kuzemba: kusankha mawu omwe sasintha, monga "élève" kapena "membre", kapena kunena za bungwe m'malo mwa anthu ake. Imeneyi siwoneka n'komwe, koma imagwira pokhapokha liwu lotere likhalepo, ndipo mfotokozi wotsatira amathanso kuulula zonse. Ifenso timazemba motere: m'malo molimbana ndi "mwana ndi mbuzi agwa" kapena "zagwa", timangoti "mwana wagwa pamodzi ndi mbuzi".

Kadonthoka kanafika pa wailesi mu 2017, kampani yosindikiza mabuku ya Hatier itatulutsa buku la ana a pulayimale lokhala ndi kalembedwe kotere. Pa 26 Okutobala Académie inalengeza kuti Chifalansa chili pa ngozi ya imfa. Mu Novembala aphunzitsi 314 anasaina kalata yoti asiya kuphunzitsa lamulo la chachimuna kupambana. Mwezi womwewo nduna yaikulu, Édouard Philippe, inaletsa kalembedweka m'zikalata za boma, ndipo mu Meyi 2021 nduna ya maphunziro, Jean-Michel Blanquer, inakaletsa m'sukulu. Chomwe ambiri sawerenga n'chakuti makalata onse awiri anavomereza mayina achikazi a ntchito. Analetsa kadontho, osati ganizo lonse.

Ine ndimawona kuti odandaula za kadonthoka si onse odana ndi akazi. Mwana amene akuphunzira kulumikiza chilembo ndi liwu amasokonezeka ndi cholembedwa chosatchulika. Anthu ovutika kuwerenga amadandaulanso chimodzimodzi, ndipo makina owerengera anthu osaona sakatchula mofanana. Koma mbali inayo nayo ili ndi umboni. Akatswiri a maganizo ayesa kangapo, ndipo amapeza kuti anthu akawerenga dzina la ntchito lachimuna, lomwe akuti n'la aliyense, m'mutu mwawo mumabwera amuna kwambiri kuposa pomwe mitundu yonse iwiri yatchulidwa. Galamala ikhoza kunena kuti liwulo lilibe chizindikiro, koma wowerenga amachimva.

Chachitatu n'chatsopano, ndipo n'chovuta kuposa zonse. Chimachokera kwa anthu amene sadzitenga ngati amuna kapena akazi. Kwa iwo kutchula mitundu yonse iwiri sikuthandiza, pakuti safuna uliwonse. Anasakaniza "il", iye wamwamuna, ndi "elle", iye wamkazi, n'kupanga "iel", ndipo dikishonale ya Le Robert italiika pa intaneti kumapeto kwa 2021, ponena kuti ikungolemba zomwe anthu ayamba kunena, andale anakwiya. Koma "iel" amangotsegula chitseko, ulendo wonse ukadali patsogolo. Ukati "iel est", liwu lotsatira liyenera kukhala "content" kapena "contente". Munthu akakupempha kuti umulembere kalata mosakondera, ntchito yeniyeni si kusintha mlowam'malo ayi, ndi kumanganso chiganizo chilichonse. M'malo moti "wasangalala" umalemba kuti "nkhaniyi yamusangalatsa". Umasankha afotokozi omwe sasintha, monga "calme" kapena "aimable". Moni wa "Monsieur" kapena "Madame" umausiya n'kuyamba ndi "Bonjour" ndi dzina lake. Pa mzere wa moniwu panafika mpaka mlandu: mu Januwale 2025 khoti la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti kampani ya sitima za pamtunda ya ku France sifunika kukakamiza ogula tikiti pa intaneti kusankha pakati pa maulemu awiriwo.

Pa 30 Okutobala 2023, potsegulira nyumba yolemekeza Chifalansa ku Villers-Cotterêts, Pulezidenti Emmanuel Macron ananena kuti m'chinenerochi chachimuna ndicho chimaimira onse, ndipo sipafunika kuika madontho pakati pa mawu. Usiku womwewo nyumba ya Seneti inavotera bilu yoletsa kalembedweka m'zikalata zambiri, mavoti 221 kwa 82. Komatu Macron yemweyo amadziwika ndi kukonda kunena "celles et ceux", kutchula akazi ndi amuna padera, ndipo moni woti "Françaises, Français", Afalansa aakazi ndi aamuna, anautchukitsa ndi pulezidenti wakale Charles de Gaulle, munthu amene palibe anamunenapo kuti akuwononga Chifalansa.