Kutulutsa masiku, ndalama ndi mayina m'macheza a gulu la chilimba

Magulu ambiri a chilimba ndi banki ya m'mudzi kuno ku Chipata amadziwitsana za zopereka pa WhatsApp. Mwezi ukatha, msungichuma amafuna tebulo losonyeza amene wapereka, tsiku ndi ndalama zake, koma zonsezo zili pakati pa malonje, mauthenga a maliro ndi zithunzi. Kuzitulutsamo n'kosavuta. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti tsiku ndi dzina zimene foni imalemba kumayambiriro kwa mzere ndi za uthenga, si za ndalama.

Musakope mauthenga ndi chala n'kuwamata, chifukwa pa mafoni ambiri a Android njira imeneyi imasiya chaka. Tsegulani gululo, dinani timadontho titatu, kenaka `More`, `Export chat` ndi `Without media`. Mudzapeza fayilo ya `.txt`. Matani zonse mu kolamu A ya Google Sheets kuyambira pa A2. Tiyerekeze kuti mwatuluka mizere iyi:

```
03/04/2025, 07:15 - Mlamu Katete: Ndinatumiza K300 dzulo
03/04/2025, 07:40 - Msungi: Ndalandira 300
04/04/2025, 19:02 - Aneba: K1,500 yanga ndi ya apongozi, iwo 500
```

Musanalembe fomula iliyonse, dziwani kaye ngati 03/04 ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi. Zimadalira mmene foni yotulutsa fayiloyo inatcheredwa, ndipo ina imayamba ndi mwezi monga ku Amereka. Yendani m'munsi mpaka mupeze nambala yoposa 12. Mukaona 25/04, foni ikuyamba ndi tsiku, chifukwa kulibe mwezi wa 25. Musaisiyire kompyuta kuti iganize yokha. Ikakhala yotcheredwa mwa Chimereka imatembenuza 03/04 mwakachetechete, koma 25/04 imaisiya ngati mawu wamba. Chizindikiro chake n'chakuti masiku ena amatsamira kumanja kwa kabokosi, ena kumanzere. Ngati foni ikuyamba ndi tsiku, mangani nokha tsikulo mu B2, dzina mu C2, uthenga mu D2:

```
=DATE(MID(A2,7,4),MID(A2,4,2),LEFT(A2,2))
=MID(A2,21,FIND(": ",A2,21)-21)
=MID(A2,FIND(": ",A2,21)+2,500)
```

Nambala 21 yabwera chifukwa dzina likuyamba pa chilembo cha 21 m'mizere ya pamwambayi. Ngati foni yanu imalemba `am` ndi `pm`, kapena ndi iPhone imene imaika tsiku m'mabulaketi, werengani zilembo mwatsopano. Mzere wopanda tsiku kutsogolo udzaonetsa cholakwa. Umenewo ndi mchira wa uthenga wapamwamba pake, choncho ulumikizeni kumeneko, musaufufute, chifukwa kawirikawiri ndalama imakhala kumchirako.

Ndalama mu E2 zimatuluka motere:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(REGEXEXTRACT(D2,"[Kk] ?([0-9][0-9,]*)"),",",""))
```

Fomulayi imafuna K yotsatana ndi nambala, imachotsa koma, n'kusandutsa zotsalazo nambala yoti iwonkhetsedwe. Ngwee imazisiya. Pa mizere yathu itatu idzapereka 300, `#N/A` ndi 1500. Apa ndiye pathera nzeru za makina, ndipo pa mizere itatuyo palibe ngakhale umodzi woti n'kulowa m'buku mmene ulili.

Taonani woyamba. Uthenga ndi wa Lachinayi pa 3 Epulo, koma mlamu wanena kuti dzulo, ndiye ndalama inatumizidwa pa 2 Epulo. Ngati gulu lili ndi chindapusa cha ochedwa ndipo tsiku lomaliza linali pa 2, tebulo losasamala limulipiritsa munthu wosalakwa. N'chifukwa chake pamafunika makolamu awiri a masiku, la uthenga ndi la malipiro. Lachiwirili mumalemba ndi dzanja paliponse pamene pali mawu ngati dzulo, dzana kapena Lachisanu lapitali. Samalaninso ndi mawu akuti mawa. "Ndidzatumiza K300 mawa" ndi lonjezo chabe, koma fomula idzatola 300 yakeyo ngati kuti yafika kale.

Mzere wachiwiri fomula yaulephera chifukwa mulibe K, ndipo apa kulepherako kwatipulumutsa. Msungichuma akungovomera K300 yomweyo. Akanalemba K patsogolo, ndalama imodzi ikanawerengedwa kawiri. Mwina ikanafika katatu mlamuyo akanamatanso uthenga wa kampani ya foni wotsimikiza kuti ndalama yapita. Mankhwala ake ndi nambala yaitali imene imabwera mu uthenga wotsimikizawo. Ipatseni kolamu yakeyake, ndipo nambala imodzi ikhale ndi mzere umodzi basi. Ndalama yoperekedwa pamanja ilibe nambala yotere, ndiye lembani kuti "pamanja" ndi dzina la amene anailandira. Komabe `#N/A` iliyonse iwerengeni ndi maso, chifukwa ena amangolemba "300 yalowa" ndipo ndi malipiro enieni.

Wachitatu ndi uthenga umodzi wa anthu awiri. Fomula imatola nambala yoyamba yokha n'kuipachika pa wolemba. Zoona zake ndi mizere iwiri, aneba K1,000 ndi apongozi awo K500. Apongoziwo mwina alibe n'komwe foni yolowera pa gulu, choncho dzina lawo silidzaoneka konse kumayambiriro kwa mzere. Apa napo pafunika makolamu awiri, wolemba uthenga ndi mwini ndalama.

Za mayina pali chinanso. Fayilo imatuluka ndi mayina mmene mwini foni anawasungira, n'chifukwa chake mukuona "Mlamu Katete" ndi "Aneba", ndipo amene sanasungidwe amaoneka ngati nambala ya foni. Munthu mmodzi wa masimu awiri amasanduka anthu awiri. Tsegulani tsamba lachiwiri, mulembe dzina la m'foni kumanzere ndi la m'kaundula wa gulu kumanja. Ndi bwino aliyense akhalenso ndi nambala ya umembala, popeza gulu la anthu 20 kuno kummawa silingasowe a Phiri atatu ndi a Banda awiri. Manambala a foni asalowe m'tebulo limene mudzatumize ku gulu.

Mawu akuti pini ndi msampha wina. Kale pini inali K1,000. Pamene Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, K1,000 yakale inakhala K1, koma mawuwo anatsala m'kamwa. Lero wina akati 5 pini akunena K5, wina akunena K5,000. Musaganizire, yang'anani mu uthenga wotsimikiza kapena mufunseni mwiniwake. Magulu amene ali ndi ochita malonda odutsa pa Mwami kupita ku Mchinji achenjerenso ndi MK. Fomula yathu ikaona MK20,000 imagwira K yomweyo n'kulemba 20000 ngati makwacha a Zambia. Sefani kolamu D pofuna `MK`, ndipo ndalama zimenezo zikhale padera.

Kolamu A musaikonze ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa ndiyo mboni pakabuka mkangano. Mukatha, wonkhetsani ndalama zonse zodzera pafoni n'kuyerekeza ndi zimene zinalowadi m'foni ya msungichuma mwezi umenewo. Kusiyana kwake kumaloza pamene palakwika. Tebulo likaposa ndi K300 ndendende, pamene chopereka cha munthu mmodzi ndi K300, funani mzere wolowa kawiri kapena lonjezo lowerengedwa ngati malipiro. Likaperewera, alipo amene anatumiza osanena pa gulu, kapena anatumiza chithunzi cha risiti, chimene m'fayilo chimangooneka ngati `<Media omitted>`. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, monga K90 kapena K270, yang'anani kaye pamene munalemba ndi dzanja, mwina 540 inalowa ngati 450.